Zilembo Zinayi za Pansi pa Khadi la Ukwati

Pansi pa makhadi ambiri oitanira anthu ku ukwati pamakhala zilembo zinayi, RSVP, zotsatiridwa ndi dzina ndi nambala ya foni. Ena amaganiza kuti zilembozi ndi udindo wa munthu amene dzina lake lalembedwa pamenepo, ena amayesa kuti nambalayo ndi yofunsirapo njira munthu akasochera. Koma zilembozi ndi chidule cha mawu a Chifalansa akuti répondez s'il vous plaît, omwe tanthauzo lake ndi lakuti chonde yankhani. Choncho kulemba RSVP ndi kupempha mlendo kuti anene ngati adzabwere kapena ayi.

Pempholi limamveka lachilendo kwa munthu amene anakula akuona maukwati akumudzi, kumene nthungululu zokha zinali kuitana kokwanira. Kumeneko anthu akachuluka, amayi ankangotereka mphika wina, poti chakudya sichichepa, chimachepa n'chovala. Koma madyerero a kuhotela, kaya ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg, amayendera mawerengero. Ophika amalipiritsa potengera chiwerengero cha anthu, ndipo amafuna kuuzidwa chiwerengerocho tsiku lisanafike kuti agule zakudya ndi kukonza mipando. Akauzidwa, ndalama ya mbale iliyonse imalipiridwa, mwini wake adye kapena asadye.

Mayi wina, amene anali azakhali a mkwatibwi, anaona yekha kulemera kwa nkhaniyi pamene nambala yake inalembedwa pakhadi. Oitanidwa anali 150. Pofika tsiku lomaliza loyankhira, anthu 96 anali atavomera, 14 atapepesa, ndipo 40 anangoti zii. Opepesa aja sanamuvutitse konse, chifukwa anangowafufuta m'kope mwake. Amene anamusowetsa tulo ndi 40 aja. Akanati awawerengere onse, mbale zikanakhala 136, ndipo ngati mwa iwo akanabwera 10 okha, banja latsopanolo likanalipirira mbale 30 zopanda ozidya. Akanati awasiye n'kuitanitsa mbale 100, kenaka n'kutulukira anthu 25 mwa osayankhawo, alendo 21 akanaima pakhomo opanda mpando pamaso pa apongozi. Mapeto ake anakhala masiku awiri akuimbira foni munthu mmodzimmodzi, ntchito imene zilembo zinayi zija zinalembedwera kuti isakhalepo.

Chimene chinamudabwitsa mayiyo ndi chakuti ambiri mwa osayankhawo sanali achipongwe. Ena anali abale enieni, amene ankaona kuti kubwera kwawo n'kosachita kufunsa. Ena ankadziwa kuti sadzapita, koma manyazi anawagwira poopa kuti kukana kungaoneke ngati kunyoza banjalo. Atawafunsa, ena anayankha mwaulemu kuti, “Tiona, mayi, Mulungu akalola.” Mawuwa ndi abwino pakati pa anthu, koma wophika sangawaike pamndandanda. Pa nkhani ya RSVP, kukana msanga ndiye ulemu, chifukwa mpando umene wamasukawo ungapatsidwe kwa wina amene anasiyidwa kaamba ka kuchepa kwa malo.

Yankho loyenera silifuna mawu ambiri. Mlendo atchule dzina lake monga lalembedwera pakhadi, anene ngati adzabwere, ndipo atchule chiwerengero cha anthu amene yankholo likuwaimira. Mwachitsanzo, angalembe kuti, “Zikomo potiitana, ine ndi mayi akunyumba tidzabwera, tilipo awiri.” Ayankhe kwa munthu amene walembedwa pakhadiyo, osati kwa mkwati pamene akumana naye pamsewu, pakuti mkwati ali ndi zambiri m'mutu ndipo kope lili kwa wina. Ayankhenso tsiku loikidwa lisanadutse, ndipo ngati tsiku silinalembedwe, ayankhe m'masiku ochepa atalandira khadi. Ngati pali chakudya chimene sadya, nthawi yonenera ndi yomweyo.

Khadi limaitana okhawo amene atchulidwa. Likati bambo ndi mayi, mipando ndi iwiri, ndipo ana kapena mlamu wobwera kudzacheza sali m'chiwerengero, pokhapokha eni ukwati atavomereza. Komanso munthu amene wavomera wapangana pangano. Kukagwa maliro kapena matenda, adziwitse msanga, ngakhale kutatsala tsiku limodzi, kuti mpando wake usakhale wopanda munthu pamene wina akuufuna. Mphatso yotumiza pambuyo pake, ngakhale ndalama zambiri za perekaniperekani, sizilowa m'malo mwa uthenga waufupi umene ukanafika ophika asanauzidwe chiwerengero.