Dimba la pasukulu liyamba na dilamu ya madzi

Ambili a ife amene tinaphunzila m'masukulu a boma timadziwa dimba ngati malo a cilango. Ukacedwa, kapena ukagwidwa ucita congo m'kalasi, unali kupatsidwa khasu. Wina anali atasankha kale poika mabedi na zobzala, iwe nchito yako inali kutuluka thukuta cabe. Lomba ndife aphunzitsi pasukulu ina ya mu komboni mu Lusaka, ndipo ahedi atipatsa kamalo kuseli kwa makalasi kuti ana a Giledi 6 alimepo ndiwo. Tagwilizana kuti khasu lidzabwela pothela. Kwa mawiki 5 ana adzakhala akupanga pulani, ndipo pulani imene idzapambana ndiyo idzalimidwa.

Funso limene tidzawapatsa ni limodzi: pamalo aya, na madzi amene tili nawo, tingalime ciani cakuti tidye tisanatseke sukulu mu Ogasiti? Tinakangana pang'ono pa mau ake. Mnzathu wina anafuna kuti tingonena kuti "jambulani dimba labwino". Koma funso lotelo limabala zithunzi zokongola za matimati ofiila, ndipo palibe njila yodziwila gulu limene laganiza bwino. Funso lokhala na malile limakakamiza mwana kupima, kuwelengela na kutaya zina zimene anali kuzifuna.

Pulani tidzaipanga mu temu yoyamba, mvula ikali kugwa, kuti kubzala kuyambe sukulu zikangotsegula mu Meyi. Nthawi iyi ili na ubwino wake: mvula ikagwa usiku, m'mawa ana adzapita kukaona pamene madzi aima na pamene akokolola nthaka, n'kuika zizindikilo. Ilinso na msampha, ndipo tidzausiya kuti agwemo okha poyamba. Mu Febuluwale, masana dzuwa mu Lusaka limakhala pafupifupi pamutu penipeni, mthunzi wa cipupa n'kukhala waufupi. Mu Juni limapendekela kumpoto, ndipo cipupa ca mamita 3 cimaponya mthunzi wa mamita pafupifupi 2 na hafu kumwela, masana enieni. Malo athu ali kumwela kwa makalasi. Gulu limene lidzagundika bedi kucipupa cifukwa laona dzuwa lelo, lidzafunsidwa kuti mthunzi udzakhala kuti nthawi yozizila.

Wiki yaciwili ni ya tepi na cingwe. Ife tapima kale mwakacetecete kuti tidziwe mayankho amene tiyembekezela. Mbali imene ifikidwa na dzuwa ni mamita 12 m'litali na 8 m'lifupi. Pa pepala, masentimita 2 adzaimila mita imodzi, ndiye dimba lonse lidzakhala masentimita 24 na 16, lokwana pa pepala limodzi la ofesi. Bedi tidzaiika pa mita imodzi m'lifupi, cifukwa mwana wa zaka 12 afunika kufika pakati na dzanja osapondamo. Kanjila pakati pa mabedi ni hafu ya mita. Conco bedi na kanjila kake zidya mita imodzi na hafu, ndipo m'mamita 12 muloŵa mabedi 8. Tikasiya mita imodzi ya njila yaikulu, bedi iliyonse italika mamita 7.

Tidziwa kuti magulu onse adzajambula mabedi 8, cifukwa malo alipo. Apa m'pamene phunzilo lenileni liyambila. Pompi ya pasukulu imatulutsa madzi m'mawa cabe, ndipo dimba lalonjezedwa dilamu imodzi ya malita 210 patsiku. M'nyengo yopanda mvula, ndiwo zamasamba zimafuna malita pafupifupi 5 pa sikweya mita iliyonse tsiku lililonse. Bedi ya masikweya mita 7 ifuna malita 35. Mabedi 8 afuna malita 280, kutanthauza zigubu 14 za malita 20, pamene dilamu ilibe madzi otelo. Mabedi 6 amaliza dilamu yonse ndendende, osasiyako ngakhale kapu ya kunazale. Yankho limene lingaime ni mabedi 5: malita 175, n'kutsala 35 a mbande na otayika m'njila.

Sitidzawauza zimenezi. Tidzawapatsa cigubu, dilamu na nambala ya malita 5 ija, basi. Ena adzafafaniza mabedi atatu. Ena adzati tiphimbe nthaka na udzu wouma kuti madzi asauluke msanga, ndipo ameneyo ni maganizo abwino, malinga akaonetse kumene udzuwo udzacokela mu komboni yopanda chile. Padzapezeka na wonena kuti aliyense azibwela na botolo ya malita 2 kucoka kunyumba. M'kalasi ya ana 60 ni malita 120, masamu ake ni oona. Koma tidzamufunsa ngati anafunsako amai ake, amene madziwo amagula pa kiyosiki.

Cinthu caciwili cimene cidzagwetsa mapulani ambili ni kalenda. Temu ili na mawiki pafupifupi 13. Lepu imakhala kunazale mawiki ngati 4, ndipo ukaiwokela, pakapita mwezi na kamawiki umayamba kuthyola masamba, n'kumabwelelanso wiki na wiki. Ikwana bwino, cimodzimodzi chainizi. Anyezi, kucokela pa njele mpaka kukhwima, atenga miyezi 5 kapena kuposa. Matimati amayamba kupsa nthawi imene ana ali pa holide, geti ili yokhoma ndipo palibe wothilila. Sitidzaletsa gulu kusankha anyezi kapena matimati. Lamulo ni lakuti mbeu iliyonse yodutsa tsiku lotsekela ikhale na dzina la munthu amene wavomela kuithilila, ndipo akhale atavomela na pakamwa pake. Kunena cabe kuti "alonda adzathilila" sikuwelengedwa.

Palinso kanthu kena kamene tifuna akapeze okha pofunsa alimi kapena ogulitsa mbeu: lepu, chainizi na kabichi ni banja limodzi, ndipo nsabwe za m'masamba zimene zimadya imodzi zimadyanso zinzake. Pulani yabwino idzaonetsa cimene cidzaloŵa m'bedi ya lepu mu temu yacitatu, kaya ni binzi kapena bondwe, amene amakonda kutentha.

Nkhani ya mamakisi inatitengela nthawi. M'nchito za magulu, kawili-kawili mwana mmodzi wolemba bwino amacita zonse, anzake n'kumangogwila lula. Ndiye taganiza zocita ziwili. Aliyense m'gulu adzakhala na gawo lake, wina madzi, wina kalenda, wina miyeso, wina mtengo wa mbeu na manyowa, koma tsiku lofotokoza tidzafunsa wa kalenda za madzi, wa madzi za miyeso. Caciwili ni mayeso a cingwe. Mu wiki yacisanu magulu adzasinthana mapepala, ndipo gulu lililonse lidzakhoma zikhomo na kumanga cingwe pansi motsatila pulani ya anzawo, eni ake atakhala cete patali. Ngati pepala silinena mbali ya kumpoto, kapena muyeso wa kanjila unaiwalika, zidzaonekela pomwepo: bedi yothela idzatulukila kunja kwa mpanda.

Osankha pulani yopambana adzakhala atatu: ahedi, kholo limodzi limene limalima dimba, na amalume amene amasunga makiyi a pompi. Awa otsiliza tawaikamo dala, cifukwa ni amene adziwa masiku amene madzi sabwela n'komwe, ndipo tawapempha kuti funso limenelo akalifunse gulu lililonse.