Kuchonga kwabuluu si kuchonga kwa mphunzitsi

Ine ndikachonga m'kope la mwana, ndiye kuti yankho ndaliwerenga ndipo wakhoza. N'chifukwa chake sindidabwa makolo kuno ku Namwera akamandionetsa uthenga wa pa tchanelo cha WhatsApp n'kunena kuti, "Aphunzitsi, nkhaniyi ndi yoona, onani anachonga." Koma kachizindikiro kabuluu kamene kamakhala pafupi ndi dzina la tchanelo sikachonga uthenga ayi. Kamachonga dzina.

Kampani ya Meta, mwini wa WhatsApp ndi Facebook, ikaika kachizindikiroka imakhala ikunena chinthu chimodzi: inafufuza n'kukhutira kuti tsambali ndi la munthu kapena bungwe lomwe dzina lake lalembedwapo. Zimenezi n'zothandiza. Pakakhala matchanelo asanu a dzina lofanana, mumadziwa loyambira. Koma palibe wa ku Meta amene amawerenga uthenga uliwonse usanatuluke. Mwini wake weniweni akhoza kulakwitsa tsiku, kukokomeza malonda, ngakhale kunama kumene, kachizindikiro kali pomwepo.

Sikakuuzaninso amene walemba uthengawo lero. Pa 15 Julaye 2020, masamba a Barack Obama ndi Bill Gates pa Twitter analengeza kuti aliyense wotumiza ndalama za bitikoini amubwezera kuwirikiza kawiri. Masambawo anali enieni, ochongedwa bwinobwino. Chinachitika n'chakuti akuba ananyengerera antchito a Twitter pa foni mpaka kupeza njira yolowera m'masambawo. Anthu anatumiza ndalama zoposa madola 100,000 tsiku lomwelo. Nyumba inali ya eni ake, koma oitanira pawindo anali akuba.

Kwina kachizindikiroka kamagulidwa. Mu Novembala 2022 Twitter inayamba kukagulitsa madola 8 pamwezi osafufuza mokwanira, ndipo wina anatsegula tsamba m'dzina la kampani ya mankhwala ya Eli Lilly n'kulemba kuti insulini, mankhwala a shuga aja, tsopano ndi yaulere. Kampaniyo inachita kutuluka poyera kudzatsutsa.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwathu kuno n'chachibwana kuposa pamenepa. Munthu amangomata kachithunzi kochonga, ka ✅, kumapeto kwa dzina kapena pa chithunzi cha tchanelo, zomwe mwana wa Fomu 1 angachite podikira phala. Chenicheni mwini tchanelo sadziikira, ndipo sichikhala m'kati mwa chithunzi. Chithunzi chojambula pa foni ya wina, chomwe chayenda m'magulupu, sichitsimikiza kanthu n'komwe. Lowani pa tchanelo penipenipo mukaone ngati uthengawo ulipo.

Nyengo yodikira zotsatira za MSCE ikafika, ine sindiyamba ndi kufunsa ngati anachonga. Ndimafunsa chimene uthengawo ukufuna kuti ndichite. Ukanena kuti tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu kuti muone zotsatira msanga, kapena perekani nambala yanu yachinsinsi, musatumize kanthu. Zotsatira zochokera ku MANEB zimafika kusukulu, ndipo ofesi ya mphunzitsi wamkulu mukuidziwa.