Kalata kwa mphwanga amene wayamba ntchito ya pulobeshoni

Wokondedwa mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti akulemba ntchito ya ukalaliki wa za ndalama pa kampani ina yogulitsa katundu mopikulitsa, ndipo kalata imene anakupatsa abwana ako ndaiwerenga kawiri. Ndakondwera kwambiri. Koma m'kalatamo muli mzere umodzi umene wandichititsa kukhala pansi n'kukulembera, wonena kuti ukhala pa pulobeshoni miyezi isanu ndi umodzi, "kapena kupitirira apo ngati kampani yaona kuti m'pofunika". Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yolemba ndi kuchotsa anthu ntchito, ndiye ndimvere pang'ono, poti Safunsa anadya phula.

Lamulo loona za ntchito m'dziko muno, la chaka cha 2000, likukamba za pulobeshoni pa ndime 26. Likuti wolemba ntchito ndi wolembedwa akhoza kugwirizana za nthawi yoyesana, ngati wantchitoyo ali waluso, kutanthauza munthu wodziwa ntchito imene anachita kuiphunzira, ngati mmene ulili iwe. Nthawiyo siyenera kupitirira miyezi 12, zivute zitani. Ndipo m'kati mwa nthawiyo, aliyense wa inu awiri akhoza kuthetsa mgwirizano tsiku lililonse popanda notisi. Uone kuti likuti aliyense. Iwenso utapeza ntchito ina yabwino mwezi wachitatu, ukhoza kutsanzika osalipira kanthu, pokhapokha ngati unasaina kuti udzapereka notisi ngakhale uli pa pulobeshoni. Makampani ena amalemba notisi ya sabata imodzi ya nthawi yoyesanayi. Kalata yako sinatchule, choncho ufunse ngati pali buku la malamulo a kampani limene likunenapo kanthu.

Chimene ndikufuna uchigwiritse ndi ichi: chimene pulobeshoni imakulanda ndi notisi. Siyikusandutsa munthu wongothandizira amene alibe ufulu. Malipiro ako ndi ako, masiku a tchuthi akuwerengedwa kuyambira tsiku limene unayamba, ndipo ndime imene ikunena kuti akhoza kukuchotsa popanda notisi sikunena kuti akhoza kukuchotsa popanda chifukwa. Achinyamata ambiri sadziwa zimenezi, ndipo mabwana enanso sadziwa, kapena amachita dala ngati sakudziwa.

Tiye tiwerengere pa kalata yako yomweyi. Wayamba pa 1 Epulo, malipiro ndi K300,000 pa mwezi, ukugwira Lolemba mpaka Lachisanu. Miyezi isanu ndi umodzi ikutha pa 30 Seputembala. Tinene kuti pa 25 Seputembala akuitana n'kukuuza kuti ntchito yatha. Adzakupatsa malipiro a masiku amene wagwira m'mweziwo, kuphatikizapo ndalama za masiku a tchuthi amene sunapume. Munthu wogwira masiku asanu pa sabata amakhala ndi masiku 15 a tchuthi pa chaka, wogwira masiku asanu ndi limodzi amakhala ndi 18, ndiye iwe pa theka la chaka ukhala utasonkhanitsa masiku pafupifupi 7 ndi theka. Za notisi palibe. Tsopano tinene kuti pulobeshoni yatha, akukhazika pa ntchito, ndipo akuchotsa pa 5 Okutobala. Poti umalandira pa mwezi, ndime 29 ndi 30 zikuti akupatse notisi ya mwezi wathunthu, apo ayi akulipire K300,000 m'malo mwa notisiyo. Pakati pa masiku awiriwa pali masiku khumi okha, koma kusiyana kwake ndi lendi ndi chakudya cha mwezi umene udzakhale ukusaka ntchito ina.

N'chifukwa chake mawu aja akuti "kapena kupitirira apo" sanandisangalatse. Sikuti ndi oletsedwa. Kampani ikhoza kuwonjezera nthawi ngati ikuona kuti sunafikepo, bola zonse pamodzi zisadutse miyezi 12. Vuto ndi lakuti mawu otere amasiya khomo lotsegula. Ndinaonapo mnyamata wina wogwira mosungira katundu amene pulobeshoni yake inali ya miyezi itatu. Miyeziyo inatha, palibe amene ananena kanthu, iyenso anangokhala chete poopa kuoneka wovuta. Mwezi wachisanu ndi chitatu atasemphana mawu ndi kapitawo, anamupatsa kalata yoti "sanakhoze pulobeshoni", n'kumukaniza ndalama za notisi. Iye ankati anakhazikika kalekale, abwana ankati ayi sitinakulembere, ndipo pepala loti liwaweruze panalibe. Nkhaniyo inatenga miyezi ikuzungulira ku leba, mnyamatayo akuyenda wapansi.

Tsono uchite chonchi. Kukatsala sabata ziwiri kuti 30 Seputembala ikwane, lemba kakalata kaulemu kopita kwa oyang'anira antchito, kokumbutsa tsikulo ndi kupempha kuti akuuze mmene wagwirira ntchito ndiponso ngati akukukhazika. Usunge kope lake, ndipo amene walandira asainepo ndi kulemba tsiku. Akakukhazika, pempha kalata. Akati akuwonjezera nthawi, pemphanso kalata yotchula tsiku lenileni lothera ndi zimene ukuyenera kukonza. Bwana amene ali ndi cholinga chabwino sangavutike kulemba zimenezi. Amene akuzemba kulemba, amene akungoti "tidzakuuza" mwezi ndi mwezi, ndiye woti ukhale naye tcheru.

Za mapepalazi lamulo lili kumbali yako. Ndime 27 ikulamula wolemba ntchito amene ali ndi antchito asanu kapena kuposa kuti akupatse zolembedwa pasanathe mwezi umodzi chiyambire ntchito: tsiku loyambira, malipiro ndi nthawi yolandirira, mtundu wa ntchito, maola ogwirira, za kathetsedwe ka mgwirizano, ndi malamulo a chilango. Kalata yako ilibe maola ndipo ilibe malamulo a chilango. Uwapemphe. Upemphenso pepala lofotokoza ntchito zimene ukuyembekezeka kugwira, chifukwa munthu sangakuyeze kuti walephera pa ntchito imene sanakuuze kuti ndi yako.

Tsopano za kuchotsedwa ntchito. Ndime 57 ikuti munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo zifukwa zomveka zili m'magulu atatu: kulephera ntchito, khalidwe loipa pa ntchito, kapena kuti kampaniyo yafunika kuchepetsa antchito. Ngati chifukwa chake ndi kulephera kapena khalidwe, ayenera kukupatsa mpata woyankhapo usanachotsedwe. Ndime yomweyo ikutchulanso zimene sizingakhale chifukwa n'komwe, monga mtundu wa munthu, chipembedzo, chipani chimene amakonda, kukhala mwamuna kapena mkazi, kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala, kulowa bungwe la antchito, ndi kukadandaula za abwana ku leba kapena kukhothi. Pamwamba pa zonsezi pali ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko, yonena kuti aliyense ali ndi ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito. Choncho akadzati "sunakhoze pulobeshoni", usakalipe, koma ufunse modekha kuti walephera pati, ndipo upemphe kuti akulembere. Pa mlandu wa kuchotsedwa ntchito, amene ayenera kuonetsa chifukwa ndi bwana, osati iwe.

Koma ndisakunamize kuti notisi ndi yotsimikizika ukangokhazikika. Pali zolakwa zimene munthu amachotsedwa nazo pomwepo, ngakhale atagwira zaka 20: mlandu waukulu monga kuba, kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza, kusowa luso limene unanena kuti uli nalo, kukana dala lamulo loyenera la abwana, ndi kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka. Iwe ukugwira ndalama za anthu, ndiye apa ndiyankhule mosabisa. Usasaine pepala lolandirira ndalama kapena katundu umene sunawerenge wekha, ngakhale wokuuzayo akhale wamkulu amene wakhalitsa. Ndalama zikasowa, woyamba kulozedwa chala amakhala watsopano, ndipo siginecha yako ndi imene idzayankhule. Ukadwala, tumiza uthenga tsiku lomwelo ndipo ubwere ndi kalata ya kuchipatala. Dziwanso kuti tchuthi cholipidwa cha matenda chimene lamulo likulamula, sabata zinayi malipiro onse ndi sabata zisanu ndi zitatu theka la malipiro, chimayamba ukakwanitsa miyezi 12. Chaka choyambachi udalira zimene kampani yalemba m'malamulo ake.

Chinthu china chimene ndinachiona kawirikawiri, ndipo chimandiwawa mpaka lero, ndi kuuza mwana kuti "lemba wekha kalata yosiya ntchito kuti mbiri yako isaipe". Usafulumire. Ukalemba kuti wasiya mwa kufuna kwako, kudzakhala kovuta kwambiri kudandaula kuti anakuchotsa mopanda chilungamo. Ndipo ngati unakhazikika kale, kusiya popanda notisi kumachititsa kuti iweyo ukhale ndi ngongole ya malipiro a mwezi kwa abwana. Pempha kuti ukaganize kaye usiku umodzi, ndipo undiimbire foni. Chimodzimodzi pepala lonena kuti walandira zako zonse ndipo sudzadandaulanso: uwerengetse ndalamazo usanasaine.

Zikadzavuta ndithu, njira yake ndi iyi. Ndalama zako zonse ayenera kukupatsa pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Upemphe chikalata chosonyeza kuti unagwira ntchito pamenepo, chotchula nthawi imene wagwira ndi ntchito yake, poti ukachipempha lamulo likuti akupatse. Ngati ukuona kuti akulakwira, kadandaule ku ofesi ya leba ya m'boma lako pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene anakuchotsa. Anthu ambiri amataya miyezi imeneyi akudikira lonjezo la abwana loti awaitananso. A leba akalephera kukuyanjanitsani pa mwezi umodzi, nkhani ikhoza kupita kukhothi loweruza milandu ya pa ntchito, limene lili ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Usayembekezere chuma chambiri kumeneko. Kwa munthu amene sanapitirire zaka zisanu, chipukuta misozi chimayambira pa malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene wagwira, ndipo ndalama zotsanzikira zija amati sevalansi sizimukhudza munthu wa pa pulobeshoni. N'chifukwa chake ndikulimbikira za kalata yokukhazika kuposa za kukhothi.

Ugule faelo yakoyako ndipo izikhala kunyumba, osati m'kabati ya kuntchito imene tsiku lina angakukanize kutsegula. Muzikhala kalata yokulemba ntchito, mapepala a malipiro a mwezi uliwonse, kalata iliyonse yokuchenjeza kapena yokuyamikira, ndi makope a zimene walemba iwe. Sabata ino upite kukapempha maola ndi malamulo a chilango, ndipo akakupatsa unditumizire ndiwaone. Upereke moni kwa azakhali ako amene ukukhala nawo.

Ndine malume ako.