Mukufuna makasitomala? Siivii ija ikhale kaye m'kabati

Awerengi anga, sabata ino ndikulankhula ndi inu amene banja lanu lagwirizana kuti mmodzi wa inu asiye kusaka ntchito, ayambe kugulitsa luso lake payekha ngati mlangizi, amene ena amamutcha konsatanti. Mwalembetsa dzina la bizinesi, TPIN mwatenga ku MRA, koma foni ili zii, pomwe lendi ndi fizi ya ana sizikudikira. Nthawi zambiri luso limakhalapo ndithu. Chimene chimalakwika ndi pulofayilo, ndiye kuti mawu amene mwadzifotokoza nawo pa LinkedIn, pa WhatsApp Business kapena pa pepala limene mumasiya m'maofesi. Ambiri amangokopera siivii yawo yakale n'kuimata pamenepo.

Siivii imalembedwera bwana wolemba anthu ntchito. Iyeyu amafuna kudziwa kumene munaphunzira, kumene munagwirapo ndi zaka zimene munakhalako, chifukwa akusaka munthu woti akhale naye nthawi yaitali. Kasitomala maganizo ake ndi ena. Iye ali ndi chinthu chimodzi chimene chikumusowetsa tulo, ndipo akamawerenga za inu amadzifunsa kuti kodi munthuyu angathetse vuto langali, anathandizapo wina wonga ine, nanga ndimupeza bwanji? Akapanda kupeza mayankho m'mizere yoyambirira, amapita kwina.

Ndikupatseni chitsanzo cha mlamu wanga, amene ndinakhala naye pansi pokonza pulofayilo yake. Iwo anagwira ntchito yowerengera ndalama zaka 9 pa kampani ina ku Limbe, ndipo kampaniyo itachepetsa antchito anasankha kuyamba zawozawo. Mzere wawo woyamba unkati: "Akauntanti wodziwa bwino ntchito, wa zaka 9, wolimbikira ndi wokhulupirika, wokonzeka kulandira mwayi watsopano." Ganizirani za mayi wa hadiweya ku Ndirande akuwerenga zimenezi. Palibe mawu amodzi onena za iye, komanso "mwayi watsopano" akumuuza kuti munthuyu akusaka ntchito.

Tinafufuta zonsezo n'kulemba kuti: "Ndimathandiza eni mashopu ndi mabizinesi a antchito 5 mpaka 20 mu Blantyre kusunga mabuku a ndalama ndi kupereka msonkho wa PAYE ndi VAT nthawi yake." Mzere umenewu ukutchula amene mumamuthandiza, chimene mumamuchitira ndi dera limene muli. Pa LinkedIn malo amenewa, otchedwa Headline, amalola zilembo 220 zokha, choncho mawu odzitama ngati "wolimbikira" amangokudyerani malo. Kaya mulemba m'Chingerezi kaya m'Chichewa, zinthu zitatuzi zisasowe.

Mlamu anayamba wakana. "Achimwene, nanga kampani yaikulu ikandifuna? Ndikhala ndadzitsekera ndekha chitseko," anatero. Mantha amenewa ndi omveka, makamaka pakhomo pakakhala palibe malipiro a mwezi ndi mwezi. Koma amene walemba kuti amachita "chilichonse chokhudza ndalama" palibe amamukumbukira. Makasitomala a mlangizi amabwera kwambiri kudzera mwa anthu ena, ndipo mnzanu wa kutchalitchi angakutchuleni kwa mlongo wake pokhapokha ngati akutha kunena m'mawu ochepa kuti "uja amakonza za msonkho wa mashopu".

Pansi pa mzere woyamba pali gawo lofotokoza zambiri, limene pa LinkedIn ndi About. Mizere yochepa yokha ndiyo imaoneka munthu asanadine kuti aone zotsala, ndiye musayambe ndi chaka chimene munamaliza sukulu. Yambani ndi vuto la kasitomala, m'mawu amene iye mwini amalankhula. Mlamu analemba kuti PAYE imayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, VAT pofika pa 25, ndipo wochedwa amalipira chindapusa. Kenaka anafotokoza mmene amagwirira: amabwera kushopu kamodzi pa sabata kudzatenga malisiti ndi mainivoisi, amawalemba m'mabuku, amatumiza mafomu pa Msonkho Online, ndipo mwezi ukatha amapereka tsamba limodzi loonetsa zolowa, zotuluka ndi ngongole zimene anthu sanabweze. Mwini shopu akawerenga zimenezi amadziwa chimene akugula ndi ndalama zake.

Zaka 9 zija sitinazitaye, tinangozitembenuza. Siivii inkati: "Udindo wanga unali kukonza malipiro a antchito." Pulofayilo tsopano ikuti: "Kwa zaka 9 ndinkakonza malipiro a antchito 60 mwezi uliwonse, ndipo PAYE sinachedwepo." Woyamba uja ukunena zimene bwana anakutumani, wachiwiriwu ukunena zimene zinatheka, ndipo ndi zimene kasitomala akufuna zimuchitikire. Madipuloma ndi masatifiketi akhale m'munsi, mzere umodzi kapena iwiri, kuti atsimikizire zimene mwanena kale.

Apa chenjerani pa zinthu ziwiri. Ndalama ndi zinsinsi za kampani imene munkagwirako si zanu zoti muzilengeze, ndipo dzina la kasitomala musalitchule asanakuloleni. Kunena kuti "sitolo ina ya zipangizo zomangira" n'kokwanira. Chinanso, musalonjeze ntchito imene lamulo silikulolani. Kusunga mabuku ndi kwina, kuchita oditi n'kusaina malipoti ake ndi kwina, ndipo kumafuna chilolezo chake malinga ndi lamulo la maakauntanti la 2013. Mlamu analemba poyera kuti oditi sachita. Zimenezi sizinamuchepetse, zinangomupulumutsa ku mafoni osamukhudza.

Kenaka chotsani chilichonse chonunkha kusaka ntchito. Kachizindikiro kobiriwira ka Open to Work kozungulira chithunzi chanu kachoke, ndipo pamwamba pa mndandanda wa ntchito pakhale bizinesi yanu, osati kampani imene munachokako. Mapanga awiri avumbwitsa. Kasitomala akaona kuti mukudikira kalata yokuitanani ku intavyu, amaopa kukupatsani mabuku ake, poti mawa mukhoza kumusiya pakati pa chaka. Ngati pabanja mwagwirizana kuti ntchito yabwino ikapezeka mudzailandira, sungani siivii payokha n'kumaitumiza kumene yafunidwa, koma isasakanikirane ndi pulofayilo.

Mzere womaliza uuze munthu chochita: nambala imodzi, nthawi imene mumayankha, ndi chimene chidzachitike akaimba. Mlamu anaika kuti kucheza koyamba kwa mphindi 30 n'kwaulere, ndipo munthu abwere ndi malisiti a mwezi umodzi. Foni yake ikhale ya bizinesi, osati imene ana amaseweretsa madzulo.

Nanga mudziwa bwanji kuti zakonzeka? Apa mpamene inu akunyumba mufunika. Werengani pulofayilo ya amuna anu kapena akazi anu kamodzi kokha, muiike pansi, ndipo munene amene akuthandizidwa ndi chimene akuchitiridwa. Mukakanika inu wogona naye nyumba imodzi, mlendo sangathe. Pakatha miyezi itatu, khalani pansi muone mauthenga amene abwera. Ngati ambiri akuti "tumizani siivii", pulofayilo ikupemphabe ntchito. Ngati akufunsa "kodi mumachita chiyani kwenikweni?", mzere woyamba ndi wotambalala, ufupikitseni. Koma mukayamba kumva "ndili ndi shopu, mumatchaja zingati pa mwezi?", mawu anu afika kwa mwini wake, ndipo chatsala ndi kukambirana mtengo.

Tikumane sabata yamawa.