Kalata kwa mwana wanga amene wayamba kugulitsa mpunga

Mwanawe,

Chaka chino matumba athu a ku sikimu ya Bwanje ali m'manja mwako, ndiye mavenda obwera pa Golomoti ndi pa Mtakataka ukumana nawo wekha. Amayi ako akuti ukuopa kuti ukapanda kunama akudyera masuku pamutu. Tamvera.

Tiyerekeze kuti mumtima wati thumba la makilogalamu 50 la mpunga wosapuntha sulipereka pansi pa K60,000. Venda akayamba ndi K50,000, iwe tchula K70,000. Akafunsa womaliza, usamuuze, ndipo usaonetse kuti fizi ya mlongo wako yatipanikiza. Ukhoza kumanga thumba n'kumachoka. Apa palibe bodza, chifukwa nonse mukudziwa kuti mukunenerera, ndipo naye wabisa wake womaliza. Za mumtima mwako ndi zako.

Za m'thumba ndi zina. Ukati "uyu ndi Kilombero yekhayekha" pomwe pansi wathira Faya, kapena ukati wauma pomwe wangouyanika tsiku limodzi, wamuuza chinthu chimene iye awerengerapo ndalama zake. Amayembekeza kuti thumba lililonse litulutsa makilogalamu oposa 30 kuchigayo. Mpunga wosauma umasweka popuntha, ukakhalitsa umachita nkhungu, ndipo wosakaniza amaudziwa mayi woyamba kuuphika, poti fungo la Kilombero silibisika. Sabata isanathe venda uja adziwa, ndipo akumbukira thumba la ndani.

Pali bodza lina limene anzako amaliyesa luso: "Wina wa ku Lilongwe wandipatsa kale K68,000." Ngati munthuyo alipo, nena. Ngati kulibe, wapeka umboni, ndipo ine ndimaliika pamodzi ndi la Faya lija. Komanso n'lopusa, pakuti mavendawa amakweza katundu pa lole imodzi ndipo amaimbirana foni.

Tawerengera. Bodza likuonjezere K3,000 pa thumba, matumba 20, wapeza K60,000. Chaka chamawa munthu yemweyo abwera, koma aboola thumba lililonse, n'kudula makilogalamu awiri pa thumba ati a chinyezi. Ndi makilogalamu 40 amenewo, pafupifupi thumba lathunthu, chaka ndi chaka. Ndalama yoperekeratu ya feteleza sakupatsanso. Ukadzakhala ndi Kilombero weniweni n'kulumbira, adzangoseka, ndipo dzina lomwe adzatchule kwa anzake ndi la banja lathu, osati lako lokha.

Kusanama si kugona ayi. Sikelo ya venda uyiyese: malita 20 a madzi amalemera makilogalamu 20, kuonjezerapo chigubu. Ikaonetsa zochepera, usakangane naye, tenga katundu wako.

Matumba atatu aja amene ananyowa ndi mvula uwaike padera, umuonetse asanafunse, mugwirizane mtengo wakewake. Pa otsalawo limbikira mpaka atuluke thukuta. Undiimbire ukagulitsa.

Ndine bambo ako.