Tom Bombadil anapita kuti?

Amene anawerenga The Lord of the Rings, buku la J.R.R. Tolkien, amadandaula zinthu ziwiri akaonerera mafilimu atatu amene Peter Jackson anatulutsa kuyambira 2001 kufika 2003: Tom Bombadil mulibe, ndipo mathero ake si a m'buku. Ine ndimaona kuti kudula koyamba kunali koyenera, koma kwaciwiri kunataya mtima wa nkhani.

Opanga mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi la zolemba zawo limatenga pafupifupi mineti imodzi. Filimu yoyamba ndi ya mamineti 178, pamene gawo loyamba la bukuli lili ndi masamba oposa 400. Ife a pawailesi timacidziwa cimeneci. Pulogilamu ikapatsidwa mamineti 30, mlendo amene wakamba zokoma koma zosakhudza mutu amadulidwa, ngakhale mtima uwawe. Conco Jackson ndi anzake, Fran Walsh ndi Philippa Boyens, anagwira cingwe cimodzi: Frodo wanyamula mphete yoopsa kuti akaiwononge. Zimene sizikankhira ulendowo kutsogolo zinali zoyamba kucotsedwa.

Bombadil ndi mkulu wansangala wokhala m'nkhalango, amene amapulumutsa Frodo ndi anzake kawiri. Amapezeka m'mitu itatu, koma akacoka ulendo umapitirira monga kale. Cina n'cakuti mphete ilibe mphamvu pa iye: amaivala koma sazimiririka monga amacitira Frodo. M'buku zimenezi zimapatsa owerenga coganizira. M'filimu zikanacotsa mantha, cifukwa oonerera akaona munthu akusewera nayo mpheteyo, adzaiopa bwanji? Ngakhale sewero la pawailesi la BBC la 1981, limene linali la maola 13, linamusiya.

Njira ina ndiyo kupatsa munthu mmodzi nchito ya anthu awiri. M'buku, Frodo atalasidwa, amene amabwera ndi hachi kudzamuthandiza ndi Glorfindel, ndipo pambuyo pake sacitanso zambiri. Filimu inapatsa nchitoyo Arwen. Mkazi ameneyu ndiye adzakwatiwa ndi Aragorn kumapeto, conco tiyenera kumudziwa msanga. Owerenga angabwerere m'mbuyo kuti akumbukire dzina, koma wokhala m'holo ya kanema sangatero.

Komabe kudula kumasiya mabowo. M'buku, Bombadil ndiye amapatsa Merry lupanga locokera m'manda akale, losulidwa ndi anthu amene anali kumenyana ndi mfumu ya mfiti ya ku Angmar. N'cifukwa cake Merry akabaya mfumuyo kumbuyo kwa bondo pa nkhondo yaikulu, imafooka, Éowyn n'kuitsiriza. M'filimu, Aragorn amangogawira mahobiti malupanga popanda mbiri iliyonse. Mukaona cinthu cacikulu cikucitika m'filimu popanda cifukwa coonekera, nthawi zambiri cifukwaco cinapita ndi munthu amene anadulidwa.

Tsopano za mathero. M'buku, mphete itawonongedwa, mahobiti amabwerera kwawo ku Shire n'kupeza mitengo itadulidwa, anthu atatsekeredwa, zigawenga zikulamulira. Wotsogolera zonsezi ndi Saruman. Mahobiti amadzutsa anzawo, amamenya nkhondo, ndipo Saruman amaphedwa ndi wanchito wake Wormtongue pakhomo pa nyumba ya Frodo. M'filimu, Shire amaipeza yobiriwira monga anaisiyira, ndipo imfa ya Saruman inasamutsidwira ku Isengard, m'filimu yotalikitsidwa ya pa DVD cabe.

Cifukwa cake n'comveka. Filimu yacitatu ndi ya mamineti 201, ndipo cimake cake ndi mphete kugwera m'moto. Pambuyo pake oonerera atopa, mitima yakhala pansi. Kuwayambitsira nkhondo ina yaing'ono kuli ngati kuika nkhani yatsopano pulogilamu itatsanzika kale. Ngakhale popanda gawoli, anthu ambiri anadandaula kuti filimuyo icedwa kutha.

Koma taonani cimene catayika. Tolkien anamenya nawo Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ndipo buku lake likamba kuti nkhondo imafika mpaka pakhomo panu, palibe mudzi umene umasungika. Likambanso kuti anthu ang'onoang'ono aja akula: amamasula dziko lawo okha, popanda Gandalf. Filimu ikamba cina: mudzi uli bwinobwino, amene asintha ndi apaulendo, ndipo anzawo sadziwa n'komwe zimene anapirira. Zimenezi n'zokhudza mtima, koma ndi nkhani ina.

Ndiye ine ndikaona munthu wadulidwa m'filimu, ndimafunsa kuti: nchito yake waitenga ndani? Ya Glorfindel anaitenga Arwen. Ya Bombadil inali yocepa, kupatula lupanga lija. Koma nchito ya nkhondo ya ku Shire palibe anaitenga, ndipo amene afuna kuidziwa ayenera kutsegula buku.