Ngongole ikatsala, wokongoza amagogoda pakhomo la yani?

Ophunzira zamalonda, kaya akukonzekera mayeso a Fomu 4 a MANEB ku Malawi kapena a Giredi 12 a ECZ ku Zambia, amaloweza mitundu inayi ya umwini wa bizinesi: ya munthu mmodzi, ya anthu ogwirizana imene amaitcha patinashipu, kampani, ndi kopaletivu. Amaloweza ubwino ndi kuipa kwa mtundu uliwonse monga mwana alowezera mayina a miyezi. Koma funso likabwera ngati nkhani, lili ndi anthu, ndalama ndi ngongole, ambiri amagwa, chifukwa anasunga mayina osagwira chingwe chimene chimamanga mayinawo. Chingwecho ndi funso limodzi: bizinesi ikagwa, katundu wake nkugulitsidwa, ngongole nkutsalabe, wokongoza ali ndi mphamvu yogogoda pakhomo la yani?

Pali mphunzitsi wina wa sekondale, mayi wa kuchigawo chapakati cha Malawi, amene saphunzitsa mutu umenewu poyamba ndi ndandanda ya ubwino ndi kuipa. Chifukwa chake chili kwawo. Bambo ake anali ndi golosale pamsika wa kwawo, ndipo anapita kukalembetsa dzina la golosaleyo m'kaundula wa boma. Satifiketi anaiika mu felemu pamwamba pa kauntala, ndipo aliyense wofika ankamuuza kuti tsopano ali ndi kampani. Chaka china malonda anavuta, katundu wotenga pangongole kwa ogulitsa mopikulitsa sanabweze ndalama, ndipo nkhani inathera kubwalo la milandu. Olanda katundu atafika anatenga za m'golosale, ndipo zitaperewera analowera kukhola. Bambowo analoza satifiketi ija, akumati ngongole ndi ya golosale, ng'ombe ndi za pakhomo. Anayankhidwa kuti pamaso pa lamulo golosale ndi iwo, iwo ndi golosale. Ng'ombe zinapita, ndipo mwana wawo anakhala kunyumba teremu yonse kusowa fizi.

Ndicho chifukwa chake mphunzitsiyu amayamba ndi msampha umene umakola ophunzira monga unakolera bambo ake. Kulembetsa dzina la bizinesi si kukhazikitsa kampani. Dzina lolembetsedwa ndi chovala chabe cha mwini wake, ndipo munthu wovala malaya atsopano ngongole zake zakale sizimusiya. Funso la mayeso likanena kuti wamalonda analembetsa dzina la shopu yake, wophunzira asathamangire kunena kuti katundu wa pakhomo ndi wotetezeka. Ayang'ane ngati patchulidwa masheya, kapena ngati kumapeto kwa dzina kuli chidule chija cha Ltd, chimene ku Mozambique chimalembedwa Lda, ndipo ku South Africa chimaoneka ngati (Pty) Ltd.

Akatero amalemba pabolodi nkhani imodzi, naiyendetsa m'mitundu yonse inayi, ziwerengero zosasintha. Pali chigayo chimene chinayamba ndi mpamba wa K4,000,000. Chagwa chili ndi ngongole za K2,000,000. Makina ndi zonse za chigayocho zagulitsidwa pa K1,200,000, ndipo ndalamazo zaperekedwa kwa okongoza. Yatsala ngongole ya K800,000. Funso ndi lija lomwe: alipira ndani?

Chigayocho chikakhala cha munthu mmodzi, yankho ndi lalifupi. Mwini wake wataya mpamba wonse, ndipo K800,000 yotsalayo ayenera kuipeza m'thumba mwake, kaya agulitsa ng'ombe, njinga yamoto kapena malata. Uwu ndiwo udindo wopanda malire. Mawuwa satanthauza kuti ngongole imakula mosalekeza, monga ena amalembera, koma kuti palibe mpanda pakati pa chuma cha bizinesi ndi chuma cha pakhomo.

Tsopano chigayocho chikhale cha abale awiri. Mkulu anaika K3,000,000, mng'ono K1,000,000, ndipo analemberana kuti phindu ndi zotayika azigawana magawo atatu kwa gawo limodzi. Wophunzira wodziwa masamu amagawa K800,000 mwachangu: mkulu K600,000, mng'ono K200,000. Masamuwo ndi olondola, koma ndi theka la yankho. Mgwirizano umene abalewo analemberana umamanga iwo awiri okha, sumanga wokongoza, amene sanasainepo. Ngati mng'ono alibe kanthu koma malaya amene wavala, wokongoza angathe kutenga K800,000 yonse pa chuma cha mkulu, ndipo mkuluyo atsale akulondola K200,000 yake kwa m'bale wake. Choonjezera apo, aliyense mwa ogwirizana amaimira anzake pa zochita za masiku onse za bizinesiyo. Mng'ono akakatenga dizilo wa chigayo pangongole mkulu ali kumaliro, ngongoleyo ndi ya onse awiri. Apa mphunzitsi uja amakumbutsa kalasi mwambi woti nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Pali msampha wachiwiri pa mtundu womwewu. Funso likanena kuti abalewo sanagwirizane kanthu za kagawidwe, ophunzira ambiri amagawabe potsata mpamba, poganiza kuti chilungamo chimatero. Malamulo a patinashipu a ku Malawi ndi ku Zambia anachokera ku lamulo la ku Britain la 1890, ndipo lamulolo limati popanda mgwirizano wina, phindu ndi zotayika zimagawidwa mofanana. Phindu la K1,000,000 lingakhale K500,000 aliyense, ngakhale mkulu anaika mpamba wochuluka katatu. Wofuna kuti mpamba wake ulemekezedwe alembe zimenezo asanayatse chigayo.

Nanga abale omwewo akanakhazikitsa kampani? Apa nkhani imatembenuka, chifukwa lamulo limaona kampani ngati munthu payekha, wokhala ndi katundu wake, ngongole zake ndi milandu yake. Mfundo imeneyi inakhazikika pa mlandu wa Salomon ku Britain mu 1897. Aron Salomon anali wopanga nsapato ku London amene anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani, iye nakhala ndi masheya 20,001, mkazi wake ndi ana ake asanu sheya imodzi aliyense. Kampaniyo itagwa, panabuka mlandu woti Salomon alipire ngongole zake kuchokera m'thumba, popeza aliyense ankaona kuti kampaniyo inali iye yemwe. Bwalo lalikulu linakana, linati kampani yokhazikitsidwa motsata lamulo ndi munthu wina, ndipo ngongole zake si za Salomon.

Choncho ngati mkulu ndi mng'ono analipira masheya awo onse, ataya K4,000,000 imene anaika, ndipo nkhani yathera pomwepo. K800,000 ija yagwera okongoza. Koma ofunsa mayeso amakonda kupotoza pang'ono. Tinene kuti mng'ono anatenga masheya 1,000 pa mtengo wa K1,000 iliyonse, koma pa sheya iliyonse anali atalipira K700 yokha. Ndiye kuti kampani ikumufunabe K300 kuchulukitsa ndi 1,000, yomwe ndi K300,000. Imeneyo alipira, ndipo okongoza atsala akulira K500,000. Malire a udindo wa mwini masheya ndi ndalama imene analonjeza kuika, osati imene waika kale yokha.

Mphunzitsiyu amadula malikisi pa chiganizo chimodzi chimene chimabwera chaka ndi chaka, chakuti kampani siyenera kulipira ngongole zake zonse. Kampani iyenera kulipira mpaka tambala womaliza wa chuma chake. Amene ali ndi malire ndi eni masheya. Ndipo malirewo ali ndi pothera. Banki ikamakongoza kampani yaing'ono, kawirikawiri imafuna kuti mwini wake asaine kuti kampani ikalephera alipira yekha, kapena apereke nyumba yake ngati chikole. Wosaina zotero wagwetsa mpanda ndi dzanja lake, ndipo mkulu wa kampani amene wachita chinyengo nayenso lamulo lingamulondole mpaka kunyumba. Funso likatchula chikole kapena lonjezo lotere, yankho lonena kuti nyumba ndi yotetezeka ndi lolakwa, ngakhale dzina la kampani lithe ndi Ltd.

Kopaletivu yolembetsedwa imafanana ndi kampani pa mfundo yakuti ndi munthu payokha, ndipo kawirikawiri membala amataya masheya ake okha. Chigayo chija chikanakhala cha alimi makumi anayi, aliyense ataika K100,000, palibe amene akanagulitsa mbuzi chifukwa cha K800,000 yotsala, pokhapokha malamulo a kopaletivuyo atanena zina. Kusiyana kwake ndi kampani kuli pa ulamuliro ndi kagawidwe. M'kampani mkulu uja ali ndi mavoti ochuluka katatu kuposa mng'ono wake, chifukwa voti imatsata sheya. M'kopaletivu membala aliyense ali ndi voti imodzi, mfundo imene inatchuka ndi kopaletivu ya ku Rochdale ya 1844, ndipo zotsala za pachaka zimagawidwa makamaka potengera mmene membala wagwiritsira ntchito kopaletivuyo, monga matumba amene wagayitsa. Mawu ofunika pa funso ndi akuti yolembetsedwa. Gulu la anthu amene angosonkherana pansi pa mtengo nadzitcha kopaletivu silinamange mpanda uliwonse.

Tsiku lina mnyamata wa m'kalasimo anaimika dzanja. «Madamu, achimwene anga ali ku Joni. Amatumiza ndalama kwa amalume kuti aziyendetsa shopu, ndipo pakutha pa mwezi amagawana phindu. Koma achimwenewo sanaimepo pakauntala. Shopu ikagwa, iwo zikuwakhudza?»

Mphunzitsi anamufunsa ngati ndalamazo zinali ngongole kwa amalumewo kapena mpamba wa onse awiri. Mnyamatayo anati palibe chimene analemba, amangoti shopu ndi yathu. «Ndiye uwauze achimwene ako kuti lamulo lingawaone ngati mnzawo wa amalume pa bizinesiyo,» anatero mphunzitsiyo. «Patinashipu sifuna mwambo kapena satifiketi kuti ibadwe. Anthu awiri akamachita bizinesi limodzi ndi cholinga chopeza phindu, yabadwa kale. Wogwirizana amene sagwira ntchito pa shopu amatchedwa wogona, koma ngongole ikabwera amadzutsidwa, ndipo udindo wake ulibe malire ngati wa mnzake amene amatsegula shopu m'mawa uliwonse.»

Ambiri mwa amene ali ku Joni, ku Harare kapena ku Britain ali pamalo a achimwene ajawa: ndalama amatumiza pafoni, shopu kapena minibasi ili m'manja mwa m'bale, ndipo chikalata palibe chifukwa pachibale kulemberana kumaoneka ngati kukayikirana. Njira zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Ngati ndalamazo ndi ngongole, zilembedwe kuti ndi ngongole, ndi tsiku lobweza, ndipo wotumiza adziwe kuti shopu si yake. Ngati ndi mpamba wa onse, alembe kagawidwe, akudziwa kuti pepalalo liwateteza kwa wina ndi mnzake koma osati kwa wokongoza. Ngati akufuna kuti nyumba imene akumanga kumudzi isakhudzidwe, akhazikitse kampani, ku Zambia kudzera ku PACRA, ku Malawi kudzera ku ofesi ya kaundula wa makampani, avomere ndalama zolembetsera ndi malipoti a chaka ndi chaka, ndipo awerenge kawiri pepala lililonse la banki asanaikepo dzina lawo.